Aphunzitsi, lekani kusandutsa funso la mayeso nthano

Mwana wa mchemwali wanga ali Fomu 4 pasukulu ina ya m'mbali mwa nyanja kuno ku Nkhotakota. Tsiku lina madzulo, mwera utatsekereza asodzi kumtunda, anandipeza pakhonde atagwira pepala la mayeso oyeserera a Hisitole, maso ali psuu.

"Amalume, taonani. Ndalemba tsamba lathunthu, koma andipatsa malikisi 2 pa 6."

Ndinaliwerenga pepalalo kawiri. Munalibe bodza ngakhale limodzi. Analemba za Jumbe Salim bin Abdallah amene anadzakhazikika kuno cha m'ma 1840. Analemba za anthu amene ankawolotsedwa nyanja n'kuyenda wapansi mpaka ku Kilwa. Analemba za mtengo wamkuyu umene David Livingstone anakumaniranapo ndi Jumbe mu 1863. Zonsezo n'zoona, koma si zimene anafunsidwa.

"Funso lotere munaliyeserapo m'kalasi?" ndinamufunsa.

"Eya, amalume. Aphunzitsi a patitaimu anati limatanthauza kuti tifotokoze za ukapolo ku Nkhotakota nthawi ya Jumbe."

Pamenepo ndi pamene magazi anga anawira.

Lero ndili ndi inu aphunzitsi amene mumaima kubolodi, pepala lakale la mayeso lili m'manja, n'kunena kuti, "Funsoli m'Chichewa likungoti fotokozani za..." Ndili ndi inunso olemba timapamfuleti ta mafunso ndi mayankho timene makolo amagula ndi ndalama ya usipa. Mukusintha mafunso, ndipo amene akulipira ndi ana.

Tonse tikudziwa kuti pepala la Hisitole la MANEB limabwera m'Chingerezi, ndipo mwana amayankha m'Chingerezi. Palibe amene amamumasulira m'chipinda cha mayeso. Koma kumasulirako kumachitika ndithu. Kumachitika m'kalasi miyezi yonse yokonzekera, ndipo kumachitikanso m'mutu mwa mwanayo pa tsiku la mayeso. Akaona funso, amamva mawu a aphunzitsi ake m'khutu. Ngati mawuwo anali okhota, yankho lake likhotanso.

Tiyeni tiliunike funso limene linagwetsa mwana wa mchemwali wangayu. Chingerezi chake chinkafuna izi, osaposera apo, osachepera apo: "Longosolani zinthu ziwiri zilizonse zimene zinathandiza kuti Nkhotakota ikhale likulu la malonda a akapolo m'zaka za m'ma 1800."

Ikani pambali pake mawu a aphunzitsi aja: "Fotokozani za ukapolo ku Nkhotakota nthawi ya Jumbe."

Kodi amenewa ndi mafunso ofanana? Kodi munthu wachilungamo angachonge awiriwa ndi muyeso umodzi?

Funso la mayeso lili ngati thandala loyanikapo usipa. Limaima pa mitengo inayi, ndipo mukazula umodzi, nsomba zonse zili mumchenga. Mtengo woyamba ndi liwu lolamula, lomuuza mwana chochita. Wachiwiri ndi chinthu chenicheni chimene chikufunsidwa. Wachitatu ndi chiwerengero cha mfundo. Wachinayi ndi malire a nthawi ndi malo. Aphunzitsi aja anazula itatu, wachinayi n'kuupendeketsa, zonsezo m'chiganizo chimodzi.

Tiyambe ndi liwu lolamula, chifukwa ndi pamene pali matenda aakulu.

Olemba mayeso ali ndi mawu angapo, ndipo sawasankha mwangozi. Pali aja ana amawatchula kuti "siteti" ndi "menishoni", amene amafuna kuti mwana angotchula mfundo n'kusiya. Pali "disikiraibu", limene limafuna kuti anene momwe chinthu chinalili kapena momwe chinachitikira. Palinso "ekisipuleni", limene limafuna kuti atchule mfundo kenako aonetse chifukwa chake, kapena momwe mfundoyo inabalira zotsatira. Ntchito zitatu zosiyana, malikisi osiyana, nthawi yolembera yosiyana.

Inu zonsezi mumazithira mumphika umodzi wotchedwa "fotokozani".

Mwana wa ku Linga kapena ku Chia akamva kuti "fotokozani", amamva chiyani? Amamva zimene amamva kubwalo la amfumu, mboni ikauzidwa kuti, "Tafotokozani momwe zinakhalira." Amayamba pachiyambi, n'kulondoloza nkhani yonse mpaka kumapeto. Ndiye mukudabwa bwanji akakulemberani nthano?

Malikisi 2 amene mwanayu anapeza anawatola mwangozi. Pakati pa nthano yake anatchulapo kuti a Jumbe anali ndi mfuti, penanso kuti anali ndi zombo za matanga. Wochonga anam'patsa imodzi pa mfuti, imodzi pa zombo. Malikisi 4 otsalawo anali a kulongosola, ndipo kulongosolako kunalibe.

Yankho limene funsolo linkafuna ndi lalifupi kuposa tsamba lake lija. Mfundo yoyamba: a Jumbe anali ndi zombo. Zinathandiza bwanji? Nyanja imene ikanatsekereza amalonda ochokera kumadzulo inasanduka njira, chifukwa zombozo zinkawolotsa anthu ambiri ndi minyanga ya njovu paulendo umodzi kupita kutsidya lakum'mawa, kumene kunkayambira njira ya ku Kilwa. Wamalonda wofuna kuwoloka ankayenera kudzera pa Nkhotakota. Mfundo yachiwiri: anali ndi mfuti. Zinathandiza bwanji? Anatha kuteteza mudzi wawo ndi misika yawo, ndipo mafumu ena oyandikana nawo anaona kuti n'kwabwino kugwirizana nawo kusiyana n'kulimbana nawo. Basi. Ndime ziwiri, malikisi 6.

Mwanayu zonsezi ankazidziwa. Nditamufunsa pakamwa kuti, "Zombozo zinathandiza bwanji?" anayankha bwinobwino osapunthwa. Sanalephere Hisitole. Anayankha funso limene anapatsidwa ndi aphunzitsi ake, lomwe silinali papepala.

Mtengo wachiwiri tsopano. Ukapolo ndi malonda a akapolo si chinthu chimodzi, ndipo Chingerezi cha mayeso chimawasiyanitsa. Ukapolo ndi moyo wa munthu amene wasandutsidwa chuma cha mnzake, kaya wagulitsidwa kutali kaya akulima mpunga pakhomo pa mbuye wake. Malonda a akapolo ndi kugwira, kugula, kuwolotsa ndi kugulitsa. Munthu angathe kutseka msika lero, koma amene ali kale m'manja mwa mbuye osamasuka. Mphunzitsi wa Hisitole amene wakulira mumzinda uno n'kumasakaniza ziwirizi, tinene kuti vuto ndi Chichewa?

Zomwezonso ndi liwu loti "azungu". Funso likafunsa zimene boma la Britain linachita, inu mumati, "Azungu anachita chiyani?" Azungu ake ati? Livingstone anabwera kudzachonderera Jumbe pansi pa mtengo, malondawo osaleka. Harry Johnston anabwera mu 1889 kudzachita pangano ndi Jumbe wa nthawi imeneyo m'dzina la boma, ndipo mu 1891 dziko lino linalowa pansi pa Britain. Amishoni a UMCA anatsegula mishoni yawo kuno mu 1894. Analiponso amalonda a kampani ya Mandala. Onsewa ndi azungu, koma funso lafunsa gulu limodzi lokha. Mwana akalemba za amishoni pamene afunsa za boma, wochonga adula mzere wofiira, ndipo wochongayo sanalakwe.

Mtengo wachitatu ndi chiwerengero, ndipo pano pali kamsampha kamene ambiri sakaona. Chingerezi chikati mfundo ziwiri zilizonse, chikumuuza mwana kuti zilipo zambiri, asankhe zimene akuzidziwa bwino. Chikaika kaliwu kolozera zinthu zodziwika kale, chikumuuza kuti zilipo ziwiri zokha, apeze zomwezo. Chichewa chilibe kaliwu kameneko, koma chili ndi njira yake: "ziwiri zilizonse" ndi "ziwiri zija". Mukangoti "ziwiri", mwana sadziwa ngati ali ndi ufulu wosankha. Mukasiyiratu chiwerengero, monga anachitira aphunzitsi aja, mwana alemba mfundo zisanu ndi ziwiri zosapsa m'malo mwa ziwiri zakupsa, nthawi n'kumuthera funso lotsatira asanaliyambe.

Mtengo wachinayi ndi malire a nthawi. Chingerezi chimawerenga zaka m'magulu a 100, ndipo gulu la nambala 19 limayambira 1801 kulekezera 1900. M'Chichewa timati zaka za m'ma 1800. Koma womasulira wopupuluma akaona 19 papepala, pakamwa pake pamatuluka "m'ma 1900". Wasuntha funso ndi zaka 100 zathunthu, walifikitsa m'nthawi imene ufumu wa a Jumbe unali utatha kale.

Palinso kusiyana kwa "mu 1895" ndi "pofika 1895". Funso lofunsa chifukwa chake ulamuliro wa a Jumbe unali utatha pofika 1895 likumulola mwana kuyambira kumbuyo, pa pangano la 1889 ndi kubwera kwa boma la atsamunda mu 1891. Mukalisandutsa "mu 1895", mwamutsekera m'chaka chimodzi, ndipo akhala akuluma cholembera kusaka chochitika cha chaka chimenecho chokha. Kaliwu kamodzi kameneko kameza theka la yankho.

Musaganize kuti vutoli limayenda njira imodzi. Limachitikanso pochoka ku Chichewa kupita ku Chingerezi, pamene mphunzitsi akukonza mayeso a pakutha pa teremu. Amaganiza funso m'Chichewa, n'kulilemba m'Chingerezi.

Taonani liwu lathu loti "bwanji". Mukati, "Malonda a akapolo anatha bwanji?" mukufunsa njira. Mukati, "Bwanji malonda a akapolo anatha?" mukufunsa chifukwa. Liwu ndi lomwelo, langosuntha malo. Chingerezi chili ndi mawu awiri osiyana pa ziwirizi. Mphunzitsi wosasamala amalemba liwu la njira papepala la mafunso, koma papepala lake la mayankho n'kundandalika zifukwa. Mwana amene wawerenga Chingerezicho molondola ndi amene amalephera. Pali kupanda chilungamo koposa kumeneku m'kalasi? Mukulanga mwana chifukwa chomva bwino.

Ndikudziwa zimene muyankhe. Muti, "Bola mwana amve. Ana athu Chingerezi chimawavuta, ndiye timangowapeputsira."

Kupeputsa mawu ndi kupeputsa funso ndi zinthu ziwiri. Mawu apeputseni mmene mungathere, ndipo ndikuomberani m'manja. Koma funso likafuna zifukwa ziwiri zolongosoledwa, liyenera kutuluka pakamwa panu likufunabe zifukwa ziwiri zolongosoledwa. Wamthenga wa amfumu akatumidwa kukaitana anthu awiri a banja lakuti mawa m'mawa, iye n'kukanena kuti aliyense abwere akapeza mpata, tinganene kuti wapeputsa uthenga? Wapereka uthenga wina, ndipo mlandu ukhala wake.

Chifundo chinanso chimene chimapha ana ndi kuika yankho m'kati mwa funso. Mumati, "Zinthu zimene zinathandiza, monga mfuti, zombo, kaya chiyani." Kapena funso lafunsa amene anachotsa Jumbe womaliza pampando, inu n'kumasulira kuti, "Atsamunda amene anachotsa Jumbe anali ndani?" M'kalasi manja onse ali m'mwamba, inu n'kumamwetulira kuti ana amva. Pa tsiku la mayeso "monga" wanu uja kulibe. Mwana amene anazolowera kutafuniridwa amangoyang'ana kudenga.

Ena mwa inu muti, "Chichewa n'chosauka, chilibe mawu a mayeso."

Bodza limeneli likundinyansa. Chiyankhulo chimene chimasiyanitsa chifukwa, cholinga, chiyambi ndi zotsatira n'chosauka? Chili ndi "tchulani", "ndandalikani", "fotokozani momwe", "longosolani chifukwa chake", "yerekezani", "siyanitsani", "perekani maganizo a mbali zonse ziwiri". Chimasiyanitsa kuletsa chinthu ndi lamulo, kuchithetsa ndi nkhondo, ndi kuzilala kwake pang'onopang'ono. Pitani kubwalo la milandu kumudzi mukamve akuluakulu akusanthula mawu a mboni, mudzabwere mudzandiuze kuti Chichewa sichitha kulunjika. Chosauka si chiyankhulo. Chimene chikusowa ndi mphindi zisanu zokhala pansi n'kuganiza musanalowe m'kalasi.

Ndipo alipo ena amene ati, "Ndiye tingosiya kumasulira. Lamulo la maphunziro la 2013 linanena kuti tiziphunzitsa m'Chingerezi."

Lamulolo lilipodi. Koma kodi lamulo limalowa m'mutu mwa mwana wa msodzi n'kumuletsa kuganiza m'chiyankhulo cha amayi ake? Mukasiya kumasulira, mwanayo amasulira yekha, mobisa, popanda womuwongolera. Kumasulirako sikungathe. Chimene tingasankhe n'chakuti kuchitike molondola kapena mwachisawawa.

Tsono tichite chiyani? Njira yake sifuna ndalama, sifuna galimoto yochokera ku Lilongwe.

Choyamba, musanatsegule pakamwa, tengani cholembera mudule mizere inayi pansi pa funso la Chingerezi: liwu lolamula, chofunsidwa, chiwerengero, malire. Lembani Chichewa chake papepala, osati kungochinena chapamtima muli chiimire. Kenako werengani ngati mizere inayi ija ikupezekanso m'Chichewamo. Ikakhala itatu, mwataya kanthu. Ikakhala isanu, mwawonjezera zanu.

Chachiwiri, chala chimodzi sichiswa nsabwe. Perekani Chichewa chanucho kwa mphunzitsi mnzanu amene sanaone funso loyamba, alibwezere m'Chingerezi. Mukanam'patsa "Fotokozani za ukapolo ku Nkhotakota nthawi ya Jumbe", akanakubwezerani funso lopanda "ziwiri", lopanda "malonda", lopanda "zimene zinathandiza". Mukanaona nokha kuti thandala lagwa.

Chachitatu, ndipo ichi ndiye muyeso weniweni: yankhani nokha funso la Chichewalo, osasuzumira la Chingerezi, kenako mudzichonge ndi pepala la mayankho. Ngati yankho labwino la funso lanu silikupeza malikisi onse pamuyeso wa funso loyamba, simunamasulire. Mwapeka funso lina.

Chachinayi, liwu lililonse lolamula likhale ndi Chichewa chake chimodzi chosasintha chaka chonse, ndipo mndandanda wake upachikidwe pakhoma la kalasi. Mwana akaona "ekisipuleni" azimva "longosolani chifukwa chake" kuyambira Fomu 1 mpaka tsiku lomaliza, kaya akuphunzitsa ndi ndani.

Inu aphunzitsi aakulu ndi inu makolo, matendawa ali ndi zizindikiro zake. Mukaona mwana akulemba zambiri, zoona zokhazokha, koma malikisi ali pansi, musathamangire kunena kuti ndi mbuli. Mukaona kalasi yonse yaphonya funso limodzi mofanana, ana 60 kulowera njira imodzi yolakwika, dziwani kuti sanasochere okha. Alipo anawalozera njira imeneyo. Funsani mwanayo kuti, "Funsoli m'Chichewa likuti chiyani?" Yankho lake likuuzani pamene panathyoka.

Akuluakulu a MANEB ndi a Centre for Language Studies ku Zomba, pamodzi ndi a Malawi Institute of Education ku Domasi, nanunso muli ndi gawo lanu. Tsamba limodzi lovomerezeka, la mawu olamula a mayeso ndi Chichewa chake, lifike pasukulu iliyonse kuyambira ku Dwangwa mpaka ku Benga. Koma aphunzitsi musadikire tsambalo. Ana amene ali Fomu 4 chaka chino sadikira.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti mbiri imeneyi ndi yathu. Ana a kuno amadutsa pansi pa mkuyu uja popita kusukulu. Amadya mpunga umene kulima kwake kunakula m'nthawi ya a Jumbe. Ena mwa iwo ndi zidzukulu za anthu amene anagwidwa, ena za amene ankagwira. Ngati pali funso limene mwana wa ku Nkhotakota ayenera kukhoza kuposa wina aliyense m'Malawi muno, ndi limeneli. Akalilephera chifukwa munthu wamkulu anachita ulesi ndi mawu anayi, manyaziwo ndi athu akuluakulu.

Usiku womwewo ndinakhala naye pansi mwana wa mchemwali wanga, tochi ili pakati. Tinadula mizere inayi pansi pa funso lija, iye n'kulembanso yankho. Linakwana theka la tsamba.

"Amalume, ndiye kuti nthawi yonseyi ndimayankha funso la aphunzitsi, osati la papepala?"

Ndinavomera ndi mutu.

Aphunzitsi, wakutsina khutu ndi mnansi. Mawa musanagwire choko, dulani mizere inayi ija. Funso lifike kwa mwana monga linachokera kwa wolilemba, osachotsapo, osawonjezerapo.